Z si nthawi ya ku London: kawerengedwe ka tsiku ndi ola zomwe kompyuta imalemba

Pakhoma la kunja kwa chipata cha Royal Observatory, pamwamba pa chitunda cha Greenwich kum'mwera chakum'mawa kwa mzinda wa London, pali wotchi yomwe inapachikidwa m'chaka cha 1852. Anaipanga ndi Charles Shepherd. Ili ndi maola 24 m'malo mwa 12, moti dzuwa likakhala paliwombo muvi wake wa maola umaloza pansi. Mlendo wofika pamenepo mwezi wa Julayi, foni yake ikamati 3 koloko masana, amapeza wotchiyo ikuti 2 koloko. Ambiri amangopukusa mutu n'kumati yakalamba.

Wotchiyo ilibe vuto. Imasunga nthawi ya GMT chaka chonse ndipo saikhudza. Womwe umasuntha ndi mzinda: kumapeto kwa Malichi mawotchi onse a ku Britain amakankhidwira kutsogolo ndi ola limodzi, n'kudzabwezedwa kumapeto kwa Okutobala. Ndiye kwa miyezi pafupifupi isanu ndi iwiri chaka chilichonse, London satsatira nthawi ya ku Greenwich, ngakhale Greenwich ali mumzinda momwemo.

Mfundo imeneyi imakhudza thumba la Mmalawi wogwira ntchito ku Croydon kapena ku Barking, komanso la m'bale wake wodikira ndalama ku Area 25. Makina ambiri masiku ano akamalemba nthawi yomwe chinthu chachitika, kaya ndi kutumiza ndalama, kulowa ndi kutuluka pantchito, kapena kupereka fomu pa intaneti, amalemba mzere wonga uwu:

```
2025-07-31T22:40:00Z
```

Foni nthawi zambiri imabisa mzerewu n'kukuonetsani nthawi ya komwe muli. Koma tsiku lomwe pabuka mkangano, inu n'kupempha fayilo yeniyeni yochokera m'makina, mzerewu ndi womwe umatuluka. Munthu wosadziwa kuuwerenga amatha kuluza mlandu ali wolungama.

Kuyambira kumanzere

Kalembedwe kameneka kamatchedwa ISO 8601. Bungwe loona za miyezo ya padziko lonse la ISO, lomwe likulu lake lili ku Geneva, linakatulutsa koyamba mu 1988, ndipo kanakonzedwanso kangapo kufikira mu 2019. Pa intaneti, ambiri amatsatira mtundu wake wophweka wotchedwa RFC 3339, wa m'chaka cha 2002. Kwa wowerenga wamba ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi.

Dongosolo lake ndi loyamba ndi chachikulu n'kumatsikira ku chaching'ono: chaka, mwezi, tsiku, kenako ola, mphindi, masekondi. Mumzere uli pamwambawu, `2025-07-31` ndi pa 31 Julayi 2025. Anachita kuyamba ndi chaka pofuna kuthetsa chisokonezo chakale. Munthu akalemba 03/04/2025 ku Lilongwe kapena ku London akunena pa 3 Epulo, pomwe wa ku Amereka awerenga kuti pa 4 Malichi. Chaka chikakhala patsogolo palibe wokangana, chifukwa nambala yachiwiri ndi mwezi basi.

Chilembo `T` chilibe nkhani. Chimangolekanitsa tsiku ndi ola, ndipo makina ena amangosiya mpata m'malo mwake. Maola amawerengedwa mpaka 24, choncho `22:40:00` ndi 10:40 usiku. Nthawi zina mudzaona kadontho ndi manambala atatu pambuyo pa masekondi, ngati `22:40:00.517Z`. Amenewo ndi tizigawo ta sekondi imodzi, mutha kungowadumpha. Mafayilo a kalendala, aja amabwera pa imelo pokuitanirani kumsonkhano, amalemba zonse mothinana popanda timizere ndi timadontho, `20250731T224000Z`, koma tanthauzo lake ndi lomwelo.

Zonsezi munthu amazigwira tsiku limodzi. Pomwe pagona nkhani ndi kumapeto kwa mzere, pomwe ine ndimapatcha kumchira. Mchirawu umabwera m'mitundu iwiri. Ukhoza kukhala chilembo `Z`, kapena chizindikiro cha pulasi kaya mayinasi chotsatiridwa ndi maola ndi mphindi, ngati `+02:00` kapena `-04:00`. Ndi mchirawu womwe umakuuzani kuti ola lalembedwalo linawerengedwa pawotchi ya ndani.

Wotchi yomwe siisuntha

`Z` amatanthauza kuti nthawiyo ndi ya UTC, nthawi yomwe dziko lonse linagwirizana kuti ikhale poyambira kuwerenga. Kulemba `Z` n'chimodzimodzi ndi kulemba `+00:00`. Oyendetsa ndege ndi asilikali amalitchula kuti Zulu, chifukwa ndi mmene amatchulira chilembo Z akamalankhula pa wailesi. Lipoti la zanyengo la pabwalo la ndege la Heathrow ndi la pabwalo la Kamuzu ku Lilongwe onse amalembedwa m'nthawi imeneyi, ndi Z kumapeto, kuti woyendetsa ndege asamavutike ndi mawotchi a mayiko omwe akudutsa.

Kuti poyambira pakhale pa Greenwich zinachokera kumsonkhano wa ku Washington mu Okutobala 1884. Mayiko 25 anatumiza nthumwi, ndipo 22 anavomera kuti mzere wodutsa pamakina oonera nyenyezi a George Airy ku Greenwich ukhale poyambira. France ndi Brazil sanavote, San Domingo anakana. Koma lero nthawi siikuyezedwanso pachitunda paja. Mu 1955, Louis Essen ndi Jack Parry anapanga wotchi yoyamba yodalirika yoyendera maatomu ku National Physical Laboratory ku Teddington, mbali ina ya London yomweyo, chakumadzulo. UTC ya masiku ano imachokera ku mawotchi a mtundu umenewu omwe ali m'mayiko ambiri, ndipo ofesi ya ku Sèvres, pafupi ndi Paris, ndi yomwe imaphatikiza zomwe akunena. Kusiyana kwa UTC ndi nthawi yotsatira kuzungulira kwa dziko sikuloledwa kufika sekondi imodzi, choncho pankhani ya lisiti kapena malipiro, GMT ndi UTC muziwatenga ngati chinthu chimodzi.

Kwa ife a ku Malawi masamu ake ndi osavuta. Dziko lathu lili patsogolo pa UTC ndi maola awiri, Januwale mpaka Disembala, ndipo sitisintha mawotchi. Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa nawonso ali pa `+02:00`. Mukaona `Z`, onjezani maola awiri, mwapeza nthawi ya kumudzi.

Wa ku London ayenera kuyamba wafunsa kuti ndi mwezi wanji. Kuchokera Lamulungu lomaliza la Okutobala kufika Lamulungu lomaliza la Malichi, wotchi yake imafanana ndi `Z`. Miyezi inayo imakhala patsogolo ndi ola limodzi, pa `+01:00`, nthawi yomwe amaitcha BST. Ganizo losintha mawotchili analimbikira ndi William Willett, womanga nyumba wa ku Chislehurst, yemwe zinkamuwawa kuona anthu ali m'tulo dzuwa la m'chilimwe litatuluka kale. Anamwalira mu 1915, lamulo n'kudzakhazikitsidwa mu 1916. N'chifukwa chake m'bale wanu wa ku London amakhala kumbuyo kwanu ndi maola awiri pa Khirisimasi, koma ndi ola limodzi lokha pa 6 Julayi. Wasuntha ndi iyeyo, inu muli pomwe munali.

Tibwerere kumzere wathu uja, `2025-07-31T22:40:00Z`, ndipo tiyerekeze kuti ndi nthawi yomwe mwana wa ku London anatumiza ndalama za lendi kwa mayi ake ku Lilongwe. Julayi ndi mwezi wa BST, ndiye pawotchi ya wotumizayo inali 23:40, tsiku likadali la 31 Julayi. Ku Lilongwe, kuonjezera maola awiri kukutifikitsa pa 00:40, ndipo tsiku lasintha, ndi pa 1 Ogasiti. Mwanayo akamalumbira kuti anatumiza mwezi usanathe akunena zoona. Mwini nyumba akamati ndalama zalowa mwezi wina akunenanso zoona. Ola limodzi kapena awiri a pakati pa usiku amatha kusintha tsiku, mwezi, ngakhale chaka, ndipo apa m'pomwe mikangano yambiri imayambira.

Zilinso chimodzimodzi ndi tsiku lotsekera mafomu. Ngati sukulu ya ku London yanena kuti itseka 23:59 nthawi ya kwawo mu Juni, ndiye kuti ndi `22:59Z`, ku Malawi 00:59 usiku. Ikanena zomwezo mu Januwale, ndi `23:59Z`, ku Malawi 01:59. Wophunzira yemwe anazolowera kuti kusiyana ndi maola awiri, n'kudikira mpaka hafu pasiti wani usiku wa mu Juni, apeza chitseko chatsekedwa kale.

Pulasi amatanthauza kuti muchotse

Pomwe anthu ambiri amapunthwa, ngakhale ophunzira bwino, ndi pachizindikiro. Munthu akaona `2025-07-14T10:00:00+02:00` dzanja limathamangira kuphatikiza: 10 kuonjezera 2, ndiye 12 koloko. Ayi. Ola lalembedwalo ndi la pawotchi ya pamalopo, ndipo maola awiriwo anaphatikizidwamo kale. Mzerewu ukunena kuti, "Kuno ndi 10 koloko, ndipo kuno tili patsogolo pa UTC ndi maola awiri." Kuti mubwerere pa `Z` muyenera kuwachotsa, mupeza `08:00Z`. Mchira ukakhala wa mayinasi mumachita mosemphanitsa, mumaphatikiza.

Njira yosasokoneza ndi yodzera pa `Z` nthawi zonse, osadumpha kuchoka pawotchi ya dziko lina kulunjika pa ya lina. Choyamba bwezani nthawiyo pa `Z`, kenako muipititse komwe mukufuna.

Tengani mizere iwiri iyi, woyamba uthenga wochokera ku Lilongwe, wachiwiri yankho lochokera ku London:

```
2025-07-14T10:00:00+02:00
2025-07-14T09:30:00+01:00
```

Kuyang'ana mothamanga, zikuoneka ngati yankho linabwera funso lisanafunsidwe, chifukwa 09:30 imayamba kufika 10:00 isanakwane. Koma woyamba ndi `08:00Z`, wachiwiri ndi `08:30Z`. Yankho linabwera patapita mphindi 30. Kalaliki yemwe angasanje mizere yotere potengera manambala a kutsogolo okha, osayang'ana mchira, asokoneza ndondomeko yonse ya zomwe zinachitika. Kusanja koteroko kumayenda bwino pokhapokha mizere yonse ili ndi mchira wofanana, ndipo n'chifukwa chake akatswiri a makompyuta amakonda kusunga zonse pa `Z`.

Wa mayinasi timuone kamodzi. Msonkhano wa pa intaneti wokonzedwa ku New York walembedwa `2025-07-14T21:00:00-04:00`. Kuphatikiza maola anayi kukutipatsa 01:00 pa `Z`, ndipo tawoloka kale kulowa pa 15 Julayi. Ku London ikhala 2 koloko usiku, ku Blantyre 3 koloko m'bandakucha. Manambala awiri omalizira a mchira nawonso musawanyoze poti kwathu amakhala ziro. India ali pa `+05:30`, Nepal pa `+05:45`. Wodwala yemwe chipatala cha ku India chamulembera `09:15:00+05:30` kuti alankhule ndi dokotala pa foni, achotse maola asanu ndi mphindi 30 kuti apeze `03:45Z`, aonjezere awiri: adzuke 5:45 m'mawa.

Oyenda pandege amakumana ndi michira itatu paulendo umodzi. Ambiri ochoka ku London amadzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, komwe kuli `+03:00`, asanatsikire kwathu pa `+02:00`. Tikiti imalemba nthawi ya pabwalo lililonse payokha popanda mchira. Ngati yalemba kuti munyamuka ku London 21:00 mu Julayi n'kukatera ku Addis Ababa 07:00, musaganize kuti mukhala m'mwamba maola khumi. Kunyamukako ndi `20:00Z`, kuterako ndi `04:00Z`, ndiye ndi maola asanu ndi atatu.

Usiku womwe 1:30 imakwana kawiri

Nkhaniyi imaoneka bwino kwambiri pa shifiti ya usiku, ntchito yomwe abale athu ambiri amagwira m'zipatala, m'nyumba zosamalira okalamba ndi muulonda ku London. Tiyerekeze mayi wina wosamalira okalamba yemwe analowa ntchito 8 koloko usiku Loweruka pa 25 Okutobala 2025, n'kuweruka 8 koloko m'mawa Lamulungu pa 26. Pandandanda wa pakhoma palembedwa 20:00 mpaka 08:00, ndipo aliyense awerenga kuti maola 12. Makina odindira polowa ndi potuluka analemba izi:

```
2025-10-25T19:00:00Z
2025-10-26T08:00:00Z
```

Woyang'anira wosadziwa akhoza kuona 19:00 n'kunena kuti mayiyu anafika molawirira ndi ola lathunthu mwa kufuna kwake, kapena kuti makina anasokonezeka. Zonsezo si zoona. Loweruka madzulo London anali akadali pa `+01:00`, choncho `19:00Z` ndi 8 koloko yeniyeni pawotchi ya pakhoma. Usiku womwewo, wotchi itakwana 2 koloko, inabwezedwa pa 1 koloko. Pofika m'mawa mzinda unali pa `+00:00`, ndipo `08:00Z` ndi 8 kolokonso. Tsopano werengani pa `Z` pokhapokha: kuchoka 19:00 kufika pakati pa usiku ndi maola asanu, kuonjezera asanu ndi atatu a m'mawa, onse pamodzi 13. Mayiyu anagwira maola 13, osati 12. Thupi lake linadziwa kale zimenezi, koma umboni wake uli mumizere iwiriyi.

Makina ena akanalemba usiku womwewo ndi michira ya manambala, ndipo pamenepo kusinthako kumaonekera poyera:

```
2025-10-25T20:00:00+01:00
2025-10-26T08:00:00+00:00
```

Mchira wa polowa ndi wa potuluka wasiyana, ndipo chimenecho ndi chizindikiro choti wotchi inasunthidwa pakati. Mu Malichi zimatembenuka. Wolowa 8 koloko usiku pa 29 Malichi 2025 analowa `20:00Z`. Wotchi itakwana 1 koloko inadumphira pa 2 koloko, ndipo 8 koloko ya m'mawa inali `07:00Z`. Amenewo ndi maola 11. Zoti ola loonjezera la mu Okutobala lilipiridwa kapena ayi zimatengera zomwe zili m'kalata ya mgwirizano wa ntchito, ngakhale malipiro onse saloledwa kutsika kupyola mlingo wotsikitsitsa womwe boma la Britain linaika pa ola. Koma musanakambe za ndalama, muyambe mwagwirizana kuti maolawo analipo angati.

Palinso china choopsa kuposa malipiro. Usiku wa pa 26 Okutobala uja, nthawi ya 1:30 inakwana kawiri. Yoyamba inali `01:30:00+01:00`, yomwe ndi `00:30Z`. Patatha ola lathunthu inakwananso, `01:30:00+00:00`, yomwe ndi `01:30Z`. Tiyerekeze kuti gogo wina anapatsidwa mankhwala ochepetsa ululu, ndipo m'kaundula munangolembedwa kuti 01:30, pomwe mankhwalawo safunika kubwerezedwa maola anayi asanathe. Ngati inali 1:30 yoyamba, maola anayi akwana `04:30Z`, pawotchi ya pakhoma 4:30. Ngati inali yachiwiri, akwana 5:30. Wodzalandira ntchito sangadziwe kuti ndi iti, ndipo akalakwitsa ampatsa gogoyo mankhwala ola limodzi nthawi isanakwane. Mchira uja, womwe umaoneka ngati chokongoletsera, ndi wokhawo womwe ungasiyanitse ma 1:30 awiriwa. Usiku wa mu Malichi vuto lake ndi lina: 1:30 kulibe n'komwe, moti pepala lonena kuti chinthu chinachitika 01:30 nthawi ya ku London pa 30 Malichi 2025 likunena za nthawi yomwe sinakhaleko.

Amene ali ndi kompyuta ya Linux akhoza kudzionera yekha ndi malamulo awiri awa. Onse ayankha 01:30, koma loyamba lilemba BST, lachiwiri GMT:

```
TZ=Europe/London date -d "2025-10-26T00:30:00Z"
TZ=Europe/London date -d "2025-10-26T01:30:00Z"
```

Mukasintha `Europe/London` n'kuikapo `Africa/Blantyre`, mupeza 02:30 ndi 03:30, motsatana bwinobwino.

Mchira ukaduka

Mzere wovuta kuposa yonse ndi wopanda mchira, monga `2025-07-14T10:00:00`. Malamulo a ISO 8601 amaulola, ndipo amati ndi nthawi ya pamalopo, koma sanena kuti malo ake ndi ati. RFC 3339 siulola n'komwe. Ine ndimagwirizana ndi a RFC, chifukwa mzere woterewu umasiyira wowerenga ntchito yolosera. Kompyuta ya ku Blantyre iuwerenga ngati `08:00Z`, ya ku London mu Julayi ngati `09:00Z`, ndipo pulogalamu ina ingoganiza kuti ndi `10:00Z`.

Kawirikawiri mchira umaduka panjira. Munthu amatsegula fayilo m'pulogalamu ya matebulo a masamu, yomwe bokosi lake la tsiku lilibe malo osungira mchira, ndiye amaufufuta kuti manambala asanjike bwino. Wina amaika `Z` kumapeto kwa nthawi ya pawotchi yake poganiza kuti ndi mmene amalembera, osabweza nthawiyo pa UTC, ndipo bodza loterolo ndi loipa kuposa kusiya popanda kanthu. Chizindikiro cha pulasi nachonso chimasowa chikadutsa mu adiresi ya pa intaneti, chifukwa kumeneko pulasi amawerengedwa ngati mpata. Mukaona `10:00:00 02:00`, dziwani kuti panali pulasi pakatipo.

Zolakwikazi zimadziwika ndi kukula kwake. Makina owonongeka amasokoneza nthawi mwachisawawa, koma vuto la mchira limaphonya ndi muyezo wofanana pamzere uliwonse. Ngati nthawi zonse za m'fayilo ya ku Malawi zatsalira ndi maola awiri ndendende, wina wawerenga `Z` ngati nthawi ya kwathu. Ngati zaphonya ndi maola anayi, wina anaphatikiza pomwe anayenera kuchotsa. Ngati fayilo ya ku London inkayenda bwino nyengo yonse yozizira, n'kuyamba kuphonya ndi ola limodzi kumapeto kwa Malichi, ndiye kuti wokonza pulogalamuyo ankaganiza kuti London ndi `Z`. Cholakwika chimenechi chimabisala kwa miyezi isanu, chifukwa m'miyezi imeneyo ziwirizi zimafananadi, ndipo pulogalamu yoyesedwa mu Januwale imapambana mayeso onse.

Pali chizindikiro chinanso chomwe ambiri anachionapo osachimvetsa. Makompyuta ambiri amawerenga masekondi kuyambira pa `1970-01-01T00:00:00Z`. Bokosi la tsiku likasiyidwa lopanda kanthu, makina ena amaliwerenga ngati ziro, ndiye ku Malawi pamatuluka 1 Januwale 1970, 02:00. Sikuti chinthucho chinachitika nthawi ya Kamuzu. Tsiku lake silinalembedwe. Ku London pamatuluka 01:00, ngakhale ndi mu Januwale, chifukwa kuchokera mu 1968 kufika mu Okutobala 1971 dziko la Britain linayesa kukhala pa `+01:00` chaka chonse, kenako linasiya.

Kambiri ka 1970 kameneka kakutiphunzitsa malire a mchira. Mchira umanena kusiyana kwa wotchi ndi UTC pa mphindi imeneyo yokha. Sunena dziko, ndipo sunena malamulo a dzikolo. `+02:00` akhoza kukhala Zomba, Lusaka kapena Johannesburg, komanso akhoza kukhala Paris kapena Berlin mu Julayi. `+01:00` akhoza kukhala London mu Ogasiti kapena Lagos mwezi uliwonse. Wofuna kugwira wakuba wa pa intaneti asathamangire kuloza dziko poona mchira wokha.

N'chifukwa chakenso mchira ndi wabwino polemba zomwe zachitika kale, koma ndi wosakwanira pa zobwerezabwereza za m'tsogolo. Gulu la mapemphero kapena la banki mkhonde lomwe limakumana pa intaneti Lachitatu lililonse 7 koloko madzulo nthawi ya ku London, likasunga nthawiyo ngati `18:00Z` mu Sepitembala, lidzapeza kuti mu Novembala kalendala ikuwaitana 6 koloko, ena akadali m'basi. Pamenepa chofunika kusunga ndi dzina la dera, `Europe/London`, kuti makina azitsatira okha kusintha kwa mawotchi. Mu 2024 panatuluka RFC 9557, yomwe imalola kulemba dzina la deralo pambuyo pa mchira, koma si makina onse omwe ayamba kuitsatira. Ndipo gululo ligwirizane chinthu chimodzi poyera: ngati latsatira wotchi ya ku London, a ku Malawi azilowa 8 koloko mu Sepitembala ndi 9 koloko mu Novembala, koma ngati latsatira ya ku Malawi, osuntha ndi a ku London. Palibe njira yoti onse akhale pomwe anali.

Tsiku lina mudzakumana ndi mzere wokhala ndi masekondi 60, monga `2016-12-31T23:59:60Z`. Si kulakwitsa. Ndi sekondi yomwe inaonjezeredwa kuti mawotchi a maatomu asasiyane ndi kuzungulira kwa dziko, ndipo imeneyo inali ya nambala 27 chiyambire 1972. Ku London inagwa chaka chikutha, kwathu inagwa 01:59:60 pa 1 Januwale 2017. Mu 2022 mayiko anagwirizana kuti mchitidwewu usiyidwe pofika 2035. Pa lisiti lanu la ndalama sizidzakukhudzani.

Zomwe zidzakukhudzani ndi masiku awiri pachaka. Mu 2026, tsiku loti mawotchi a ku Britain apite patsogolo ndi 29 Malichi, loti abwerere ndi 25 Okutobala, ndipo kusintha konseko kumachitika pa `01:00Z`, yomwe kwathu ndi 3 koloko m'bandakucha. Ngati muli pa shifiti usiku umenewo, kapena mukukangana ndi wina za nthawi yomwe ndalama kaya fomu zinalowa, musakhutire ndi chithunzi cha pa foni. Pemphani mzere wonse monga unatulukira m'makina, wokhala ndi mchira wake, muubweze pa `Z`, kenako muyambe kuwerenga maola.